Masamba anayi m'malo mwa 125,000: phindu la indekisi ndi ngongole yake

Munthu akatumiza ndalama pafoni koma wolandira n'kumati sizidafike, amaimbira kampani. Chinthu choyamba chimene wothandiza makasitomala amafunsa ndi nambala ya lisiti ija imabwera pa uthenga. Amaitaipa pakompyuta, ndipo wodandaulayo asanamalize n'komwe kufotokoza mavuto ake, zonse zaonekera kale: ndalama zingati, zidachoka nthawi yanji, zidalowa pa nambala iti. Lisiti imodzi yapezeka pakati pa malisiti mamiliyoni m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira.

Ambiri amati n'chifukwa choti makompyuta ndi achangu. Changu chilipodi, koma pachokha sichikadakwanira. Kompyutayo sidawerenge malisiti onse aja. Idawerenga kachigawo kakang'ono kwambiri, chifukwa wina adaikonzera kale njira yachidule yotchedwa indekisi. Ndipo njirayo si yaulere. Amene amailipira ndi aliyense wolemba lisiti yatsopano, tsiku lonse, usiku wonse.

Kuti zimveke bwino, nachi chitsanzo cha kampani yongoyerekeza, yosunga malipiro a makasitomala ake m'detabesi ya PostgreSQL, imodzi mwa mapulogalamu osungira deta amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri padziko lapansi. Tebulo lake, lotchedwa `malipiro`, lili ndi mizere 10 miliyoni. Mzere uliwonse ndi kutumiza ndalama kumodzi: nambala ya lisiti, nambala ya foni, ndalama, tsiku, ndi pamene nkhani yafika, kaya yatheka kaya ikudikira.

Detabesi siwerenga mzere umodziumodzi kuchoka pa disiki. Imawerenga masamba, ndipo tsamba la PostgreSQL limakhala la makilobaiti 8. Mzere ukakhala wa mabaiti pafupifupi 100, tsamba limodzi limanyamula mizere 80 kapena kuyandikira pamenepo. Mizere 10 miliyoni ndiye kuti ndi masamba 125,000, gigabaiti imodzi yathunthu. Mizereyo sikhala mu ndondomeko yothandiza wofufuza. Imagona mmene idafikira, paliponse pamene padapezeka malo.

Tsono wothandiza makasitomala uja akataipa nambala, pulogalamu yake imatumiza funso lotere ku detabesi:

```sql
SELECT * FROM malipiro WHERE lisiti = 7304518;
```

Popanda indekisi, detabesi ilibe pogwira. Imayamba tsamba loyamba, n'kuona mizere yonse 80, n'kupita lachiwiri, mpaka la 125,000. Ngakhale itaipeza lisitiyo pa tsamba lachitatu, siima, chifukwa palibe chimene chaiuza kuti nambala yomweyo ilibe mzere wina kutsogolo. Pa disiki yotha kuwerenga mamegabaiti 500 pa sekondi, ntchitoyo ndi ya masekondi awiri. Masekondi awiri saoneka ambiri. Koma ofunsa akakhala 50 nthawi imodzi, aliyense akufuna gigabaiti yake, seva imagwada, ndipo ngakhale amene akungofuna kutumiza ndalama amayamba kuona kamzere kozungulirazungulira pafoni.

Kutsika masitepe atatu

Aliyense amene adagwirapo buku la nyimbo zakutchalitchi amadziwa kale chinsinsi chake. Wotsogolera akayambitsa nyimbo osatchula nambala, munthu satsegula buku kuyambira tsamba loyamba. Amathamangira ku mlozera, kumene mawu oyamba a nyimbo zonse adandandalikidwa motsata afabeti, pambali pake pali nambala. Mlozerawo sunyamula nyimbo yonse. Uli ndi zinthu ziwiri zokha, mawu ofufuzira ndi kumene nyimboyo ili, ndipo mphamvu yake yonse ili pa kusanjidwa bwino.

Indekisi ya detabesi ndi chinthu chomwecho. Woyang'anira amalemba lamulo limodzi:

```sql
CREATE INDEX ON malipiro (lisiti);
```

Detabesi imawerenga tebulo lonse kamodzi, imatola nambala zonse za malisiti, imazisanja kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, ndipo pambali pa nambala iliyonse imalemba tsamba ndi malo pamene mzere wake uli. Cholembedwa chimodzi chotere chimatenga mabaiti pafupifupi 20, choncho tsamba limodzi limanyamula pafupifupi 400. Malisiti 10 miliyoni amadzaza masamba 25,000.

Apa pakubuka vuto. Masamba 25,000 ndi ambiribe. Mlozera wautali chotere ukufunika mlozera wakewake, ndipo n'zimene zimachitikadi. Pamwamba pa masamba 25,000 aja pamamangidwa masamba ena 63, amene ntchito yawo ndi kungoloza: nambala zoyambira apa kufika apa zili pa tsamba lakutilakuti. Pamwamba pa 63 amenewo pali tsamba limodzi lokha, loloza onsewo.

Funso la lisiti 7304518 likabwera, detabesi imatsegula tsamba lapamwambalo n'kuona kuti nambalayo ikugwera m'chigawo chiti. Imatsikira pa tsamba limodzi mwa 63 aja, ilo n'kuiloza tsamba limodzi mwa 25,000, ndipo pamenepo imapeza nambalayo pamodzi ndi adiresi ya mzere wake. Kenaka imatsegula tsamba la tebulo lenilenilo. Atatu a indekisi, limodzi la tebulo. Masamba anayi. Ngakhale m'kati mwa tsamba simuwerengedwa monse: poti nambala n'zosanjidwa, detabesi imayang'ana pakati, n'kutaya theka, n'kuyang'ananso pakati pa lotsalalo, ndipo pakutha pa maulendo asanu ndi anayi yafika.

Masamba 64 a masitepe awiri apamwamba aja onse pamodzi ndi theka la megabaiti basi. Poti funso lililonse limadzera pomwepo, sachoka m'memore ya seva. Kawirikawiri disiki imangovutitsidwa kawiri, mwinanso osavutitsidwa n'komwe.

Chokoma kwambiri ndi mmene kamangidwe kameneka kamapiririra kukula. Masitepe atatu a masamba onyamula 400 lililonse amakwana malisiti 64 miliyoni. Kuwonjezera sitepe imodzi yokha kumafikitsa pa 25 biliyoni ndi kupitirira. Tebulo likakula ka 100, kuwerenga tsamba ndi tsamba kumachedwanso ka 100, pamene wodzera pa indekisi amangowonjezera tsamba limodzi pa anayi aja.

Kamangidweka kamatchedwa B-tree. Adakatulukira ndi Rudolf Bayer ndi Edward McCreight m'chaka cha 1970, akugwira ntchito ku malo a kafukufuku a kampani ya ndege ya Boeing ku America, ndipo adakafotokoza m'nkhani yosindikizidwa mu 1972. Nkhawa yawo idali disiki yozungulira, imene kamkono kake kamayenera kusuntha kuti kakafike pamalo ofunikawo. Ngakhale ma disiki ozungulira a masiku ano amangokwanitsa kudumpha kotere pafupifupi ka 100 pa sekondi. N'chifukwa chake awiriwa adafuna kuti kudumpha kulikonse kuzibweretsa tsamba lodzaza ndi zolozera zambiri, masitepe akhale ochepa. Papita zaka zoposa 50 koma PostgreSQL, MySQL, Oracle ndi SQL Server onse akudalirabe maganizo omwewo. SQLite nayo, kadetabesi kamene D. Richard Hipp adayamba kulemba m'chaka cha 2000 ndipo lero kamapezeka m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone, imasunga zinthu zake zonse mu B-tree.

Pamene detabesi imaikana indekisi

Ongoyamba kumene ntchitoyi amakhumudwa akaona kuti amanga indekisi koma funso likuchedwabe. Kawirikawiri detabesi sidalakwitse ayi. Yawerengetsa n'kupeza kuti njira yachidule ija yatalika.

Funso la lisiti linali losavuta chifukwa yankho lake ndi mzere umodzi. Wina akafunsa malipiro onse a nambala imodzi ya foni, ndipo mwini wake adatumizapo ndalama ka 200, indekisi ya `foni` imapeza zolozera 200 zili pamodzi. Koma mizere yake idalembedwa masiku osiyanasiyana, ndiye ili mbwee m'tebulo monse. Pafunika kutsegula masamba mpaka 200. N'zopindulitsabe kwambiri poyerekeza ndi 125,000.

Nanga akafunsa malipiro onse amene adatheka, pamene pa mizere 100 iliyonse 95 ndi yotheka? Tsamba lililonse la tebulo lili ndi mizere yofunikayo. Kudzera pa indekisi kungakhale kuwerenga indekisi yonse, kenaka n'kuwerenganso tebulo lonse modumphadumpha. Kuli bwino kungoyamba tsamba loyamba n'kumapita. PostgreSQL, ikakhala mmene imabwerera, imawerengera tsamba lofikiridwa modumpha ngati lodula kanayi kuposa tsamba lotsatizana ndi linzake, ndipo imasankha njira potengera mawerengero amenewa. Chodabwitsa n'chakuti indekisi yomweyo imakhala yamtengo wapatali funso likatembenuka, wina akafuna malipiro ochepa aja amene akudikirabe.

Njira yodziwira chimene detabesi yasankha ndi kuika liwu loti `EXPLAIN` patsogolo pa funso. Yankho likakhala ndi mawu oti `Seq Scan`, tebulo likuwerengedwa lonse. Likakhala ndi `Index Scan`, indekisi ikugwira ntchito. Woyang'anira wodziwa ntchito sakhulupirira indekisi iliyonse asanaone mawu amenewa ndi maso ake.

Palinso mafunso amene kusanja sikuwathandiza. Indekisi ya maina imapeza Banda msanga, koma wofunsa maina onse othera ndi "anda" sangathandizidwe, poti mainawo adasanjidwa potsata zilembo zoyambirira, osati zomalizira. Indekisi ya zinthu ziwiri, `(foni, tsiku)`, imasanja nambala za foni kaye, kenaka masiku m'kati mwa nambala iliyonse. Imayankha bwino zedi funso la malipiro a nambala yakuti m'mwezi wa Malichi, koma ili ndi thandizo lochepa kwa wofuna malipiro a anthu onse a tsiku limodzi, chifukwa tsikulo lamwazikana pansi pa nambala iliyonse. Funso lotere limafuna indekisi ina. Ndipo umu ndi mmene ma indekisi amachulukirira: lero ya `lisiti`, mawa ya `foni`, mkucha a ku ofesi ya zachuma apempha ya `tsiku`, kenaka ya nambala ya ejenti, kenaka ina. Aliyense wopempha ali ndi chifukwa chomveka, ndipo aliyense amaona funso lake likufulumira tsiku lomwelo.

Ngongole imafika kwa wolemba

Mtengo woyamba ndi malo. Indekisi ya malisiti ija, masamba 25,000, ndi mamegabaiti 200. Zikakhala zisanu za msinkhu umenewo ndi gigabaiti imodzi, kufanana ndi tebulo lenilenilo. Malo a pa disiki ndi otchipa, ndiye ambiri sadandaula nazo. Malo a m'memore ndiwo odula, ndipo ma indekisi asanu onsewo amalimbirana memore yomweyo ndi tebulo.

Mtengo waukulu umaonekera pa kulemba. Tebulo lopanda indekisi limalandira mzere watsopano mosavuta: detabesi imapeza tsamba lokhala ndi malo, n'kuikapo, basi. Pakakhala ma indekisi asanu, mzere womwewo uyenera kulembetsedwa kasanu kwina. Pa indekisi iliyonse detabesi imatsika masitepe atatu aja, n'kupeza malo enieni pamene nambalayo ikuyenera kukhala, n'kuilowetsa pakati pa zinzake. Tsamba limodzi losinthidwa lasanduka masamba asanu ndi limodzi. Palibe kuzengereza kuti tidzakonza madzulo, chifukwa indekisi yotsalira m'mbuyo ndi mzere umodzi wokha ingauze wofunsa kuti lisiti kulibe pamene ilipo.

Nthawi zina tsamba loyenera kulandira nambalayo limapezeka lodzaza. Apa detabesi imatenga tsamba latsopano, imasamutsirako pafupifupi theka la zolozera, kenaka imakwera sitepe imodzi kukalembetsa tsamba latsopanolo. La pamwambalo likakhalanso lodzaza, nalonso limagawika, ndipo kugawikako kukhoza kukwera mpaka pa tsamba lapamwamba penipeni. Ilo likagawika m'pamene indekisi imapeza sitepe yatsopano. Luso la Bayer ndi McCreight lagona apa: poti indekisi imakulira kumwamba, masamba onse apansi amakhala pa mtunda wofanana, ndipo palibe nambala yovuta kupeza kuposa inzake. Koma kugawikaku kumasiya mipata. Indekisi imene imalandira nambala zosatsatizana imakhazikika ili yodzaza pafupifupi 70 peresenti yokha, kutanthauza kuti imakula kuposa mmene idalili itangomangidwa kumene. PostgreSQL pomanga indekisi imasiyiratu 10 peresenti ya tsamba lililonse lapansi yopanda kanthu, kuti kugawikaku kusayambe tsiku loyamba lomwelo.

Tsono ma indekisi safanana mtengo, ndipo apa m'pamene ambiri saganizapo. Kampani yongoyerekeza ija ikamalandira malipiro 100 pa sekondi, pa mphindi zisanu imalemba mizere 30,000, imene ndi mamegabaiti atatu okha. Nambala za malisiti zimangokwera, yatsopano iliyonse ndi yaikulu kuposa zonse zakale, choncho zonse zimagwera kumapeto kwa indekisi. Tsamba lomaliza likadzaza pabwera lina. Pa mphindi zisanuzo pakhudzidwa masamba pafupifupi 75, ndipo onse ali kale m'memore.

Indekisi ya nambala za foni ndi nkhani ina. Wotumiza ndalama sekondi ino ndi wotumiza sekondi yotsatira alibe ubale uliwonse, nambala zawo zili kutali ndi kutali. Zolemba 30,000 zikamwazika mwachisawawa pa masamba 25,000, zimakhudza masamba osiyanasiyana pafupifupi 17,000. Lililonse limene silili m'memore liyenera kukatengedwa pa disiki kaye, kulisintha, n'kudzalibwezera.

Ndipo pali china chowonjezera. Detabesi isanasinthe tsamba lililonse, imayamba yalemba zimene ikufuna kuchita m'kaundula wapadera, amene mu PostgreSQL amatchedwa WAL, kuti magetsi akazima ntchito ili pakati idzathe kudzikonza ikayakanso. Mwa nthawi ndi nthawi, kawirikawiri mphindi zisanu zilizonse, imatsitsira pa disiki masamba onse osinthidwa. Tsamba likakhudzidwa koyamba pambuyo pa kutsitsako, PostgreSQL imalikopera lathunthu m'kaundula muja, kuopa kuti magetsi angadzazime tsambalo litalembedwa theka. Pa indekisi ya malisiti, zimenezi ndi nkhani ya masamba ochepa. Pa ya nambala za foni, masamba 17,000 aja akukopedwa, ndipo kaundula akukula ndi mamegabaiti 100 kapena kuposerapo chifukwa cha deta ya mamegabaiti atatu. Cholozera cha mabaiti 20 chakoka tsamba la mabaiti oposa 8,000. Ichi n'chifukwa chakenso akatswiri ambiri amanyinyirika akaona tebulo lalikulu likupatsidwa nambala zachisawawa za mtundu wa UUID kukhala chizindikiro cha mzere uliwonse: indekisi yofunika kwambiri ya tebulolo imasanduka yomwazika ngati ya foni ija.

Zimene zidawawa a Uber

Kusintha mzere umene ulipo kale kuli ndi zake zobisika, ndipo kumasiyana malinga ndi detabesi.

PostgreSQL sifufuta n'kulemba pamalo pomwepo. Malipiro akachoka pa "akudikira" kufika pa "atheka", imalemba mzere watsopano wathunthu, wakale uja n'kuusiya kaye kuti amene adayamba kuwerenga kusintha kusanachitike amalize bwinobwino. Mzere watsopanowo uli ndi adiresi yatsopano. Poti ma indekisi amaloza adiresi, onse asanu ayenera kulandira cholozera chatsopano, ngakhale aja amene nambala zawo sizidasinthe n'komwe. Zolozera zakale zimatsala ngati zinyalala mpaka ntchito yosesa yotchedwa `VACUUM` idzadutse. Kufufuta mzere nakonso n'chimodzimodzi: malo ake m'ma indekisi samasuka nthawi yomweyo.

M'chaka cha 2016 kampani ya Uber idafotokoza poyera chifukwa chimene idasamutsira deta yake yambiri kuchoka ku PostgreSQL kupita ku MySQL, ndipo dandaulo limeneli lidali pamwamba. Matebulo awo ena adali ndi ma indekisi ambiri, moti kusintha kanthu kamodzi kakang'ono kunkabala zolemba zambirimbiri pa disiki. Zolembazo zinkalowanso m'kaundula uja, ndipo kaundulayo ankayenera kutumizidwa ku ma seva ena akutali osunga kope la deta. Mtolo unkakula pa disiki ndi pa netiweki pomwe.

MySQL, kudzera mu injini yake ya InnoDB, idasankha njira ina. Ma indekisi ake owonjezera saloza adiresi ya mzere. Amasunga nambala yachizindikiro ya mzerewo, ndipo tebulo lenilenilo ndi B-tree yosanjidwa potsata nambala imeneyo. Mzere ukasintha, ma indekisi okhawo amene zinthu zawo zasintha ndiwo amakhudzidwa. Koma ngongole sidafafanizidwe, idangosamukira kwa wowerenga: wofufuza ndi nambala ya foni amatsika masitepe kawiri, koyamba mu indekisi ya foni kuti apeze chizindikiro, kachiwiri m'tebulo kuti apeze mzere.

Odziwa PostgreSQL adayankha kuti nkhani ya Uber sikhudza aliyense mofanana, ndipo adali ndi mfundo. Kuyambira mu 2008, PostgreSQL ili ndi njira yotchedwa HOT. Kusinthako kukapanda kukhudza chinthu chilichonse chimene chili mu indekisi, ndipo pa tsamba lomwelo pakapezeka malo a mzere watsopano, ma indekisi sagwidwa n'komwe. Cholozera chakale chimafikitsa pa tsambalo, ndipo pomwepo pali kachizindikiro kolozera mzere watsopano.

Msampha wake ndi wochenjera. M'tebulo la `malipiro` lija, mzere uliwonse umasinthidwa kamodzi, kuchoka pa kudikira kufika pa kutheka. Malinga ngati danga limeneli lilibe indekisi, kusinthako kumatha kudutsa pa HOT, motchipa. Tsiku lina wina apempha indekisi pa danga lomwelo kuti azipeza msanga malipiro odikira. Funso lake lifulumiradi. Koma kuyambira ola limenelo kusintha kulikonse kwakhudza chinthu cha mu indekisi, HOT yatha, ndipo ma indekisi onse, akale asanu ndi yatsopanoyi, ayamba kulandira cholozera pa kusintha kulikonse. Amene adapemphayo amapita kunyumba ali wokondwa. Odandaula amadzatulukira mbali ina ya ofesi, sabata yotsatira, akuti kulemba kwayamba kuchedwa ndipo palibe chimene asintha.

Chizindikiro chake chimaoneka kwa wodziwa poyang'ana. PostgreSQL imawerengera kusintha konse kwa tebulo mu `n_tup_upd`, ndipo kumene kwadutsa pa HOT mu `n_tup_hot_upd`. Zonse zili mu `pg_stat_user_tables`. Nambala yachiwiriyo ikasiya kukwera pamene yoyambayo ikuthamangabe, woyang'anira ayenera kufunsa kuti ndi indekisi iti yamangidwa posachedwapa.

Kumanga ndi kugwetsa

Kumanga indekisi pa tebulo limene likugwira ntchito kumafuna kusamala. Lamulo wamba la `CREATE INDEX` mu PostgreSQL limalola anthu kuwerenga koma limaimitsa kulemba konse pa tebulolo mpaka litamaliza. Pa tebulo la malipiro, ndiye kuti palibe ndalama yoyenda kwa nthawi yonseyo. Pali njira ina, `CREATE INDEX CONCURRENTLY`, imene siimitsa olemba. Imawerenga tebulo kawiri ndipo imatenga nthawi yaitali. Ikalephera panjira imasiya indekisi yolembedwa kuti `INVALID`, imene siyankha funso lililonse koma ikhoza kumalipiritsabe wolemba aliyense mpaka wina ataigwetsa.

Pothira deta yambiri nthawi imodzi m'tebulo latsopano, malangizo a PostgreSQL eni ake amati ndi bwino kuthira kaye, ma indekisi n'kumanga pambuyo. Kusanja nambala 10 miliyoni kamodzi n'kuzilemba motsatizana kumafulumira kwambiri kuposa kutsika masitepe ka 10 miliyoni, masamba akugawika njira yonse.

Kugwetsa ndiko anthu amaopa, ndipo n'chifukwa chake ma detabesi akale amadzaza ndi ma indekisi amene palibe akukumbuka amene adawapempha. Komatu umboni umapezeka mosavuta:

```sql
SELECT indexrelname, idx_scan
FROM pg_stat_user_indexes
WHERE relname = 'malipiro';
```

Danga la `idx_scan` limaonetsa kuti indekisi iliyonse yagwiritsidwa ntchito kangati chiyambire kuwerengera. Yokhala ndi 0 patapita miyezi ndi yokayikitsa: ikudya memore, ikukulitsa kaundula, ikuchedwetsa wolemba aliyense, osathandiza wofunsa ndi mmodzi yemwe. Zokayikitsanso ndi ziwiri zobwerezana. Pakakhala `(foni, tsiku)`, ina ya `(foni)` yokha nthawi zambiri ndi katundu wongolemetsa, poti yoyambayo imayankha kale mafunso a nambala ya foni.

Komabe 0 ameneyo asamuthamangitse munthu. Indekisi yoikidwa kuti nambala ya lisiti isabwerezedwe imagwira ntchito yake pa kulemba, ndipo ikhoza kuoneka ngati yagona pamene ndi imene ikuletsa malisiti awiri kukhala ndi nambala imodzi. Seva iliyonse imawerengera zake, choncho indekisi yooneka yopanda ntchito pa seva yaikulu ikhoza kukhala ikunyamula malipoti onse pa seva ina yosunga kope. Ndipo pali mafunso amene amafunsidwa kamodzi pa mwezi, ena kamodzi pa chaka, a zachuma akamatseka mabuku. Woyang'anira amene waona ziwerengero za masabata atatu okha, kuyambira pa 5 mpaka pa 26, sadaone tsiku lotseka mwezi, ndipo ayenera kudikira lidutse asanalembe `DROP INDEX`.